Mnzanu akayamba kutchena, kupita ku jimu ndi kutchula dzina latsopano

Ana anga, pa milandu ya m'banja imene imafika pamaso pa ankhoswe kuno ku Kafue masiku ano, yambiri imayamba ndi mawu ofanana akuti "wasintha." Mnyamata amene ankameta kamodzi pamwezi wayamba kupita kwa ometa sabata iliyonse. Mtsikana amene ankangodzola mafuta wamba wagula pafyumu wodula. Wina wagula nsapato zothamangira, akuti walembetsa ku jimu. Kenaka pakamwa pake pamayamba kutuluka dzina limene simunalimvepo, la mnzake watsopano wa kuntchito. Zitatuzi zikabwera pamodzi mtima umagunda, ndipo anzanu a pa saluni kapena pa bawo amakuuzani msanga kuti nkhaniyo ndi yodziwikiratu, mwalandidwa basi.

Ine ndaweruzako nkhani zotere monga nkhoswe, ndipo ndikukuuzani mosabisa kuti zitatuzi pazokha sizikuuzani kalikonse. Munthu amene wapeza chibwenzi amatchena, amalimbitsa thupi, amakhala ndi mnzake watsopano. Munthu amene wakwezedwa pantchito, kapena amene wauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga kwambiri, kapena amene wangotopa ndi kudziona wofooka pagalasi, amachitanso zomwezo. Chizindikiro chimene chimaoneka pa wolakwa ndi pa wosalakwa mofanana sichingakuthandizeni kusiyanitsa awiriwo. Chimene chimasiyanitsa ndi ichi: kodi moyo watsopanowo uli ndi malo anu, kapena wakutsekerani kunja?

Poyamba muyenera kumvetsa tauni imene tikukhalayi, chifukwa imasintha anthu m'njira imene makolo athu sanaione. Kafue inakula chifukwa cha mafakitale. Pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndiponso pamene fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles inali pachimake, mwamuna ankachoka m'nyumba ya ku Kafue Estates n'kukafika pa geti la ntchito posakhalitsa. Mkazi wake ankadziwa anzake onse a pa shifiti chifukwa anali oyandikana nawo nyumba, ana awo ankaphunzira sukulu imodzi, Lamulungu ankakumana kutchalitchi. Lero fakitale ya nsalu ija inatsekedwa kalekale, ndipo achinyamata ambiri amadzuka mbandakucha kukakwera minibasi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kudzera ku Chilanga, n'kubwerako kutada. Anthu amene amakhala nawo tsiku lonse inu simuwadziwa, ndipo kavalidwe kamene kamafunika mu ofesi ya ku Lusaka si kamene kamafunika pa msika wa ku Shikoswe. Choncho mnzanu akasintha, funso loyamba musafunse kuti "kodi ndi ndani?" Funsani kuti "kodi m'miyezi itatu yapitayi chasintha n'chiyani pa ntchito yake, pa thanzi lake, pa ndalama zake ndi pa msinkhu wake?"

Ndikusimbireni za banja lina limene ndinali nkhoswe wa kuchimuna. Mwamunayo ankagwira ntchito ya mashifiti pa fakitale ina kuno, mkazi wake ankagwira ku kampani ina ku Lusaka. Mwamunayo anabwera kwa ine maso ali psuu, akuti, "Amalume, uyu wapita. Tsitsi akusintha milungu iwiri iliyonse, akuti akupita ku jimu akaweruka, amafika cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo pali mwamuna wina wa kuntchito kwawo amene amamutsitsa pa galimoto." Anali atasankha kale zoti akamudikirire pa siteji usikuwo. Ndinamukhazika pansi kuti tiyambe tayala nkhaniyo chimodzichimodzi.

Tinayamba ndi nthawi imene zinayambira. Atakumbukira bwino anapeza kuti kutchenako kunayamba mwezi umene mkaziyo anachotsedwa ku sitolo ya katundu n'kuikidwa pa tebulo lolandirira alendo. Zimenezi mwamunayo ankazidziwa, anakondwerera nawo malipiro atakwera, koma sanazilumikize ndi tsitsi. Kenaka tinayang'ana maola. Munthu akaweruka 5 koloko n'kuthamangira minibasi nthawi yomweyo, amakathera nthawi yaitali pa mzere wa galimoto potuluka mu Lusaka. Akatsala ola limodzi ku jimu n'kunyamuka msewu utapepukako, kufika ku Kafue cha m'ma 8 koloko si chodabwitsa. Maolawo ankagwirizana, panalibe mpata wosadziwika. Pa ndalama, ndinamufunsa ngati chilichonse chapakhomo chatsalira: lendi, magetsi, fizi ya mwana, chilimba. Zonse zinali m'malo, ndipo za jimu mkaziyo anali atatchula yekha mtengo wake asanalembetse.

Chotsiriza chinali mwamuna wa galimoto uja. Ndinamufunsa kuti dzina lake analidziwa bwanji. Iye anati, "Anandiuza yekha." Ndinafunsanso kuti amamutsitsira pati, pa geti kapena pa ngodya yamdima? Anati pa geti, ndipo tsiku lina munthuyo anatsitsa galasi n'kupereka moni, koma iyeyo chifukwa cha mkwiyo sanayankhe. Apa ndinamuuza kuti, "Mphwanga, munthu wakuba sakupatsa moni pa geti lako, ndipo mkazi wobisa sakuuza dzina." Chimene chinkamudya kwenikweni, titafika pansi pa nkhani, chinali chakuti mkaziyo anali atayamba kulandira ndalama zambiri kuposa iye, ndipo ankaoneka ngati akupita patsogolo yekha. Limenelo linali vuto lenileni, lofunika kulikambirana, koma silinali chigololo. Akanapita pa siteji usiku uja akanaphwanya banja lopanda mlandu.

Tsopano imvani nkhani inzake, imene zizindikiro zake zinali zomwezo koma mapeto ake ena. Mayi wina wachitsikana, wogulitsa nsomba zimene ankakapikula ku Chanyanya, anadandaula kuti mwamuna wake wayamba jimu, wagula malaya atsopano, ndipo kwa mwezi wathunthu sankatha kudya nsima osatchula mtsikana wina watsopano wa mu ofesi yawo: wati chakuti, waseketsa anthu, ndi wanzeru. Mkaziyo anati chimene chinamuopsa si kutchulako ayi, koma kuti mwadzidzidzi dzinalo linazimiririka. Akafunsa kuti, "Nanga anzanu aja ali bwanji?" yankho linali lakuti, "Sindikudziwa, sitionana," chonsecho anthuwo amakhala m'chipinda chimodzi. Iye anaona bwino. Dzina likamatchulidwa patebulo, nthawi zambiri mwini wake sanaone chobisa, ngakhale kuti kutchula kosalekeza kumasonyeza kuti mtima wayamba kukopeka. Dzina likasowa mwadzidzidzi pamene munthuyo akadali pomwepo, pali chimene chasintha.

Zinanso zinali kutsatana. Chikwama cha jimu chinkabwera ndi zovala zouma, zopindidwa monga zinachokera, pamene munthu amene wachitadi masewera amabwera ndi zovala zofunika kuchapa, amadandaula za kuwawa kwa minofu masiku oyamba, amadya kwambiri, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu thupi limaonetsa. Mkaziyo atapempha kuti Loweruka lina apite nawo akaoneko, mwamunayo anakalipa ngati watukwanidwa. Ndalama ya ndiwo inachepa, chilimba analumpha miyezi iwiri, koma ankanena za ovataimu tsiku ndi tsiku. Ovataimu imaoneka pa pesilipu, ndipo pakhomo pamene kale pesilipu inkangosiyidwa pa tebulo, inasiya kuoneka. Foni imene ana ankaseweretsa inaikidwa pasiwedi yatsopano n'kuyamba kupita nawo kubafa. Ndipo kutchena konseko kunali kwa m'mawa wa Lolemba mpaka Lachisanu. Popita kutchalitchi ndi mkazi wake ankangovala zilizonse.

Onani kusiyana kwake. M'banja loyamba chilichonse chatsopano chinali ndi khomo lotsegula: dzina linanenedwa, mtengo unanenedwa, maola ankagwirizana, mnzakeyo ankadziwa kuti pali mwamuna. M'banja lachiwiri chilichonse chatsopano chinabwera ndi loko wake. Katswiri wina wa za maganizo wa ku America, Shirley Glass, amene analangiza mabanja kwa zaka zambiri, analemba buku mu 2003 lonena za zibwenzi zimene zimayamba ngati chinzake wamba, makamaka kuntchito. Mfundo yake inali yakuti banja lolimba limatsegulirana zakukhosi n'kudzitchinjiriza kwa akunja, ndipo ngozi imayamba zikatembenuka, pamene wakunja akuuzidwa za m'nyumba koma wa m'nyumba sakuuzidwa za wakunjayo. Izi n'zimene alangizi athu akhala akuphunzitsa kuti za kuchipinda sizituluka pakhomo. Choncho funso lothandiza pa mnzake wa kuntchito si lakuti ndi wokongola motani. Funso n'lakuti, kodi iye amadziwa zambiri za inu kuposa zimene inu mumadziwa za iye?

Ngakhale pamenepa musathamange. Loko ali ndi zifukwa zambiri, ndipo ndaonapo anthu akubisa foni ndi pesilipu chifukwa cha ngongole za kaloba, za pa foni, kapena chifukwa cha kubetcha mpira. Ena amabisa chifukwa ayamba kumwa mankhwala amene akuopa kuulula. Ena ntchito yatha koma akudzukabe m'mawa kuvala tayi chifukwa cha manyazi. Zonsezi n'zoopsa m'banja, koma mankhwala ake ndi osiyana. Kubisa kumakuuzani kuti pali chobisika. Sikukuuzani kuti chobisikacho n'chiyani.

Pali msampha wina umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa umagwira anzeru omwe. Ambiri mumati, "Ndikamuyang'ana m'maso ndidziwa ngati akunama." Simungadziwe. Mu 2006 akatswiri awiri, Charles Bond ndi Bella DePaulo, anasonkhanitsa kafukufuku woposa 200 wa mmene anthu amazindikirira bodza, ndipo anapeza kuti anthu amalondola pafupifupi ka 54 pa 100 alionse. Kumeneko n'kuposa pang'ono chabe munthu wongoponya ndalama m'mwamba. Kuphethira, kuyang'ana kumbali, kuchita chibwibwi, thukuta, zonsezi zimabwera ndi mantha, ndipo munthu wosalakwa amene mwamukhalitsa pakona pakati pa usiku amachita mantha ngati wolakwa yemwe. Wakuba wozolowera ndiye amakuyang'anani m'maso osagwedezeka. N'chifukwa chake ndikukuuzani kuti muyang'ane zinthu zowerengeka, maola, ndalama, ndi ngati nkhani ya lero ikugwirizana ndi ya dzulo, osati nkhope.

Ndiponso mtima ukangogamula kuti walakwa, chilichonse chimasanduka umboni. Akakugulirani chitenje mumati chikumbumtima chikumuvuta, akapanda kugula mumati ndalama zapita kwina. Akafuna za m'banja kawirikawiri mumati waphunzira kwina, akatopa mumati wakhuta kwina. Mukaona kuti palibe chimene mnzanuyo angachite chimene chingakuchititseni kunena kuti mwina mwamuganizira molakwa, dziwani kuti simukufufuzanso, mwaweruza kale. Dzifunseni moona mtima ngati mantha anuwo akuchokera kwa iye, kapena kwa amene anakupwetekani kale, kapena ku zimene munaona bambo anu akuchita, kapenanso ku zimene inuyo mukuchita mseri.

Nanga mufunse bwanji? Sankhani nthawi imene nonse mwadya, simunamwe, ana agona kapena kulibe, ndipo palibe amene akuthamangira basi. Musayambe ndi mlandu. Nenani zimene mwaona ndi zimene zikukuchitikirani: "Bambo a mwana, miyezi iwiri ino mukufika mochedwa masiku atatu pa sabata, ndalama ya ndiwo yachepa, ndipo foni simukuisiyanso pa tebulo. Ine mtima wanga suli m'malo. Ndiuzeni chikuchitika." Mawu amenewa sangakanidwe, chifukwa ndi zinthu zimene nonse mukuzidziwa. Mukayamba ndi "ndikudziwa kuti mukuyenda ndi uje," mwamupatsa chinthu chimodzi chokha choti akane, ndipo usiku wonse uthera pa kukanako.

Mukatero pemphani chinthu chaching'ono chimene wosalakwa sichingamuvute. Mupite nawo ku jimu tsiku limodzi. Mnzake wa kuntchitoyo adzadye nanu nsima Lamulungu, abwere ndi mkazi wake kapena mwamuna wake ngati ali naye. Mukhale pansi muwerengere limodzi ndalama za mwezi. Yankho la usiku womwewo musalidalire kwambiri, chifukwa aliyense amayamba wakhumudwa akakayikiridwa. Yang'anani milungu itatu kapena inayi yotsatira. Wosalakwa amakwiya kaye, kenaka amayamba kutsegula: amaimba foni akachedwa, amakuonetsani kumene amapita, amafuna kuti mtima wanu ukhale pansi. Wobisa amatembenuza mlandu kuti inuyo ndinu wamisala, wansanje, mwina ndinu amene mukuyenda, ndipo loko amawonjezeka. Mayi wa nsomba uja anachita zimenezi, anadikira mwezi, ndipo atapita kwa ankhoswe anapita ndi masiku, maola ndi ndalama zimene zinasowa, osati ndi fungo la pafyumu. Mwamunayo anavomera pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Zimene simuyenera kuchita ndizinena mwachidule, koma ndikuzinena ndi mtima wonse. Musatsegule foni yake ali mtulo, musalumikize WhatsApp yake ku foni yanu mwakabisira. Mukapeza kanthu, nkhani imasanduka ya kuba kwanu, ndipo mukapanda kupeza simukhutira, mumabwererakonso mawa. Uthenga umodzi wopanda mutu wake umanamiza. Musapite kuntchito kwake kukachita phokoso, chifukwa ntchito ikatha amene agone ndi njala ndi ana anu, ndipo mwina munthu amene mwamuchititsa manyaziyo alibe mlandu. Musalembe dzina la munthu pa Facebook. Musapite kwa asing'anga kapena kwa aneneri amene amakuuzani zimene mwabwera nazo kale mumtima.

Anyamata, apa ndikulankhula ndi inu makamaka. Kumuletsa mkazi ntchito, kumulanda foni, kumutsatira, kumuopseza, kumumana ndalama chifukwa cha nsanje, zimenezi si chikondi. Lamulo la Zambia loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la mu 2011 limawerengera nkhanza zozunza maganizo, kuopseza, kulondalonda munthu ndi kumumana chuma, osati kumenya kokha. Ngakhale zitapezeka kuti anachitadi chigololo, palibe lamulo limene limakulolani kumukweza dzanja. Ukwati wa mwambo uli ndi ankhoswe ndi khoti la lokolo, ukwati wolembetsa kuboma umathetsedwa ku khoti lalikulu, ndipo konseko amafuna umboni, osati malaya atsopano. Atsikana, ngati mukudziwa kuti mwamuna wanu ndi wa manja, musafunse funso limeneli muli awiriwiri. Itanani ankhoswe kapena akulu a mpingo akhalepo, ndipo akakuopsezani pitani ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene anthu amaitchula kuti VSU. Nambala ya 933 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza zotere. Kupirira kumene ena amakulangizani sikutanthauza kudikira imfa.

Chinthu chimodzi chokha sichidikira kuti mlandu uthe, ndicho thanzi lanu. Ngati zizindikiro za kubisa zachuluka, kaya wavomera kaya sanavomere, pitani mukayezetse magazi ku kiliniki ya kufupi nanu kapena ku chipatala cha boma cha Kafue, ndipo ngati n'kotheka mupite awiri. Kumupempha kuti mukayezetse limodzi si kumuimba mlandu. Mungazinene monga chinthu chimene banja lililonse limayenera kuchita chaka ndi chaka. Dziwani kuti kuyeza kwa pachala kumatha kusaona kachilombo ka HIV ngati kangolowa kumene, choncho akakupezani mulibe mubwererenso pakatha miyezi itatu, ndipo pakati pamenepo gwiritsani ntchito makondomu. Ngati mnzanu akukana kuyezetsa ndiponso akukana kondomu, funsani anamwino za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti adziteteze. Ngati mwagona naye mosadziteteza n'kumva pambuyo pake kuti mwina ali nako, pali mankhwala a PEP, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mukaona zilonda, mafinya kapena kuwotcha pokodza, musagule mankhwala pa kantini. Mukalandire chithandizo nonse awiri, apo ayi mudzangopatsirananso. Kwa amene muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, musadikire ngakhale sabata imodzi, uzani anamwino a kusikelo zimene mukukayikira kuti akuyezeninso.